Kulemba mneni molondola pambuyo pa il faut que ndi bien que m'maimelo a Chifalansa opita ku ofesi

Mukamalemba imelo ya Chifalansa yopita ku ofesi, kaya ndi ku yunivesite ya ku France, ku kampani ya ku Lubumbashi kapena ku likulu la COMESA ku Lusaka kumene Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo zogwirira ntchito, pali mawu amitundu iwiri amene simungawazembe nthawi yaitali. Oyamba ndi *il faut que*, onena zimene ziyenera kuchitika. Achiwiri ndi *bien que*, ofanana ndi "ngakhale kuti" yathu ija. Onsewa amakakamiza mneni wobwera pambuyo pake kuti asinthe, alowe m'kanenedwe kamene m'mabuku a galamala mudzakaona katalembedwa kuti *subjonctif*. Pano tizikatchula kuti subujonkitifu, ndipo kanenedwe wamba, kongosimba zinthu momwe zilili, tizikatchula kuti endikatifu.

Polankhula mukhoza kuphonya lamuloli osagwidwa, chifukwa nthawi zambiri mawu olondola ndi olakwika amamveka pafupifupi mofanana. Pa imelo palibe kothawira. Kawirikawiri kusiyana kwake kumakhala chilembo chimodzi chokha, koma mlembi wa mu ofesi amene akuwerengayo amachiona, makamaka chikakhala m'chiganizo choyambirira.

Yambani ndi zimene khutu lanu likudziwa kale

Ife olankhula Chichewa tili ndi poyambira pabwino. Timati "pafunika kuti mutumize makalata", ndipo palibe amene anganene kuti "pafunika kuti mumatumiza makalata". Mneni amathera ndi -e chifukwa kutumizako sikunachitike, kukungofunidwa. Chifalansa chimachita zomwezo: *il faut que vous envoyiez les documents*. Pa *il faut que*, khulupirirani khutu lanu. Pamene Chichewa chikuti "ndipite", "mubwere", "alembe", Chifalansa chikufuna subujonkitifu.

Khutu lomwelo limakusocheretsani mukafika pa *bien que*. M'Chichewa timati "ngakhale kuti ndatumiza makalata", "ngakhale kuti ndalama zafika", ndipo mneni sasintha konse, pakuti zinthuzo zachitikadi. Ndiye dzanja limangolemba *bien que j'ai envoyé*, chiganizo n'kumaoneka chabwinobwino. Koma ncholakwika. M'Chifalansa cholembedwa cha mu ofesi, *bien que* amatsatidwa ndi subujonkitifu ngakhale nkhaniyo ikhale yoona yosakayikitsa.

Aphunzitsi ena amafotokoza kuti subujonkitifu ndi kanenedwe ka kukayika. Ine malongosoledwe amenewo sindiwakonda, chifukwa amagwetsa ophunzira pa *bien que* pomwepa. Mu *bien que le paiement soit arrivé*, ndalama zafikadi, palibe akukayika. Zimene *bien que* akuchita n'kuvomereza mfundoyo kenako n'kuiika pambali, kuti ngakhale ndi yoona sikusintha zimene zikubwera m'gawo lachiwiri la chiganizo. Pomwe mwalemba *bien que* musadzifunse ngati nkhaniyo ndi yoona. Mawu awiriwo agamula kale.

Kapangidwe ka mneni

Pa aneni ambiri njira yake ndi imodzi. Tengani mneni m'nthawi yatsopano ndi mlowam'malo *ils*, chotsani *-ent* kumapeto, chotsalacho ndilo tsinde. Pa tsindelo lumikizani *-e* wa *je*, *-es* wa *tu*, *-e* wa *il* kapena *elle*, ndi *-ent* wa *ils*. Tiyese ndi *recevoir*, kulandira, mneni amene sasowa m'maimelo. *Ils reçoivent* atipatsa tsinde *reçoiv-*, choncho tilemba *il faut que je reçoive*, *qu'elle reçoive*, *qu'ils reçoivent*. *Remplir*, kulemba fomu, amadzera mwa *ils remplissent* n'kukhala *que je remplisse*. *Répondre* amakhala *que je réponde*, *transmettre* amakhala *que je transmette*, *joindre* amakhala *que je joigne*.

Pa *nous* ndi *vous*, tengani tsinde la *nous* m'nthawi yatsopano, chotsani *-ons*, muike *-ions* kapena *-iez*. *Nous recevons* apereka *que nous recevions* ndi *que vous receviez*. *Nous prenons* apereka *que vous preniez*, pamene *je* akhala *que je prenne* kuchokera kwa *ils prennent*. Aneni ngati awa amayendera masinde awiri, koma malamulo awiri aja akatsatidwa, masindewo amadzitulukira okha popanda kuloweza.

Malo oyenera kuchedwapo ndi *vous*, popeza imelo ya mu ofesi imayenda ndi *vous* kuyambira pamwamba mpaka pansi. Aneni othera ndi *-er*, kupatula *aller*, sasonyeza kusintha kulikonse pa *je*: *je signe* ndi *que je signe* n'chimodzimodzi, kotero simungalakwitse ngakhale mutafuna. Koma pa *vous* pamalowa *i*. *Vous signez* amakhala *que vous signiez*, *vous confirmez* amakhala *que vous confirmiez*. Tsinde likathera ndi *y*, *i* uja amabwerabe: *que vous envoyiez*, *que vous payiez*. Likathera ndi *i*, mumalemba awiri motsatizana: *que vous vérifiiez*, *que nous étudiions*. Zimaoneka ngati chala chadina kawiri mwangozi, ndipo ambiri amafufuta mmodzi powerenganso. Musafufute. Ndi zolondola.

*Voir* alinso ndi kamsampha kake. Timalemba *il faut que je voie* ndi *il faut qu'il voie*, ndi *e* kumapeto, osati *vois* kapena *voit*, ngakhale onsewa amamveka mofanana.

Aneni osatsata njira ija

Alipo ochepa amene muyenera kungowasunga pamtima, ndipo awiri oyambirira ndiwo amagwira ntchito yaikulu.

*Être*: que je sois, que tu sois, qu'il soit, que nous soyons, que vous soyez, qu'ils soient.

*Avoir*: que j'aie, que tu aies, qu'il ait, que nous ayons, que vous ayez, qu'ils aient.

Taonani kuti awiriwa alibe *i* pambuyo pa *y*. Munthu akangozolowera *envoyiez* amayamba kulemba *soyiez* ndi *ayiez*, mawu amene kulibe. Ena ofunika m'maimelo ndi *faire*, amene amakhala *que je fasse*, *que vous fassiez*. *Pouvoir*, *que je puisse*, *que vous puissiez*. *Savoir*, *que je sache*, *que vous sachiez*. Ndi *aller*, *que j'aille* koma *que vous alliez*. *Vouloir* amakhala *que je veuille* koma *que vous vouliez*. Ameneyu musamusokoneze ndi *veuillez* wa mu *veuillez trouver ci-joint*, amene ndi wolamula mwaulemu ndipo safuna *que* patsogolo pake.

Il faut que: funsani kaye kuti ayenera kuchita ndani

Musanapange mneni, dziwani mwininkhani. Ngati lamulo likukhudza aliyense, simufunika *que* n'komwe. Lembani *il faut* ndi mneni wosasintha, uja wa m'dikishonale: *il faut joindre une copie du passeport*, pafunika kuphatikizapo kope la pasipoti. Subujonkitifu amabwera pamene mwatchula munthu kapena chinthu chenicheni: *il faut que je joigne une copie du passeport*, *il faut que le dossier soit complet*.

Mukasintha nthawi ya *falloir*, mneni amene amatipatsa *faut*, mneni wachiwiri sasuntha. *Il faudra que nous fassions le virement lundi* ndi zam'tsogolo. *Il fallait que je vous prévienne* ndi zam'mbuyo. *Il faudrait que nous fixions une date* ndi zofewetsa mawu. M'zonsezi subujonkitifu wa nthawi yatsopano ndi wokwanira. M'mabuku akale mudzapeza maonekedwe ngati *qu'il fît* ndi *que nous fissions*. Amenewo ndi a zolembalemba zapamwamba, ndipo mu imelo ya lero angoonetsa ngati mukudzitukumula.

Tsopano nkhani ya ulemu, imene kwa ine ndi yolemera kuposa galamala yeniyeniyo. *Il faut que vous m'envoyiez l'attestation* ndi chiganizo chopanda banga, koma ndi lamulo. Chili ngati kuuza bwana wa ofesi kuti "munditumizire kalata ija" popanda "chonde" kapena "ndimati ndipemphe". Mkulu wa ntchito akhoza kulembera wantchito wake choncho. Wopempha malo a sukulu, viza kapena ntchito sangatero. Langizo langa n'lakuti *il faut que* muzimusungira inuyo, gulu lanu kapena chinthu: *il faut que je*, *il faut que nous*, *il faut que le contrat*. Pamene wochita ndi amene mukumulemberayo, sinthani njira. *Pourriez-vous m'envoyer l'attestation ?* ndi funso laulemu lokwanira pa maimelo ambiri. *Je vous serais reconnaissant de bien vouloir m'envoyer l'attestation* ndi laulemu woposerapo, ndipo mayi alemba *reconnaissante*. Onse awiri amatsatidwa ndi mneni wosasintha, choncho vuto la *envoyiez* latha lokha. *Il faudrait que vous* ali pakatikati: amayenera kwa mnzanu wa ku kampani ina amene mumalemberana kawirikawiri, koma kwa munthu wosamudziwa amamvekabe ngati mukumuuza ntchito yake.

Chenjezo lina lili pa kukana. *Il ne faut pas que vous veniez* satanthauza kuti "sikofunikira kuti mubwere". Amatanthauza kuti "musabwere". Ngati mumafuna kumasula munthu kuti asavutike ndi ulendo, lembani *il n'est pas nécessaire que vous veniez*. Mneni ndi yemweyo, *veniez*, koma uthenga woyamba ukuletsa ndipo wachiwiri ukupeputsa. Kusokoneza ziwirizi kungakhumudwitse mlendo amene mumafuna kumuchitira chifundo.

Bien que: funsani kuti zachitika liti

Pano funso ndi la nthawi. Ngati zimene mukuvomerezazo zikuchitika pa nthawi yomweyo ndi gawo lalikulu la chiganizo, gwiritsani subujonkitifu wa nthawi yatsopano: *bien que votre offre soit intéressante, nous ne pouvons pas y donner suite*, ngakhale mtengo mwatipatsawo ndi wokopa, sitingapitirize nawo. Ngati zidachitika kale, pafunika subujonkitifu wa nthawi yapita, ndipo ameneyu ndiye amapezeka kwambiri m'maimelo odandaula ndi okumbutsa. Kapangidwe kake n'kosavuta kwa amene amadziwa *passé composé*. Chiganizo chimakhala chomwecho, mumangosintha mneni wothandizira, *avoir* kapena *être*, kumulowetsa mu subujonkitifu. *Nous avons payé* akhala *bien que nous ayons payé*. *Vous avez confirmé* akhala *bien que vous ayez confirmé*. *Le colis est arrivé* akhala *bien que le colis soit arrivé*. Malamulo a kugwirizana kwa mawu amatsalabe momwe analili, ndiye *les pièces ont été envoyées* akhala *bien que les pièces aient été envoyées*, *-es* wake osataya.

Cholakwika chofala koposa chili pa *je*. *J'ai* ndi *j'aie* amamveka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo onse awiri ndi mawu enieni a Chifalansa, kotero chida cha pakompyuta choyang'ana kalembedwe ka liwu lililonse palokha sichiika mzere wofiira. Njira yodziyesera ndi kusintha *je* kukhala *nous* m'maganizo. Pa *nous* kusiyana kumamveka bwino, *avons* ndi *ayons*. Ngati pamalopo payenera *bien que nous ayons*, ndiye kuti pa *je* payenera *aie*. Pa *il* kapena *elle* ndi *ait*, monga *bien qu'elle ait répondu*. Onaninso kuti *que* amataya *e* wake akakumana ndi lembo la liwu: *bien qu'il*, *bien qu'elle*, *bien qu'un accord ait été signé*.

Nanga zam'tsogolo? Subujonkitifu alibe nthawi yam'tsogolo. Wa nthawi yatsopano ndiye amasenza ntchitoyo, ndipo mawu onena tsiku ndiwo amasonyeza kuti n'zam'tsogolo: *bien que je sois absent la semaine prochaine*. Ngati mukufunadi kuti nthawi yam'tsogolo ioneke pa mneni, siyani *bien que*, mugawe chiganizo ndi *mais*: *je serai absent la semaine prochaine, mais mon collègue suivra le dossier*.

Mukavomereza zinthu ziwiri, simubwereza *bien que* yense. Mumalemba *et que*, ndipo *que* wachiwiriyu amatenga mphamvu ya woyamba uja: *bien que la facture soit réglée et que vous ayez reçu le justificatif*. Anthu ambiri amakhoza mneni woyamba n'kupunthwa pa wachiwiri, chifukwa pofika pamenepo *bien* watsala kutali ndipo maganizo abwerera ku endikatifu.

Pamene bien que si bien que

Zilembo *bien que* zikaonekera sikuti nthawi zonse ndi "ngakhale kuti". *Si bien que* amatanthauza "moti" kapena "kotero kuti", amanena zotsatira zake, ndipo amatsatidwa ndi endikatifu: *le virement a été rejeté, si bien que la commande est suspendue*, ndalama zabwezedwa moti oda yaimitsidwa. Mu *je sais bien que vous êtes très occupé*, *bien* ndi wa *sais*, akungotsindika kudziwako, ndiye *êtes* ali pamalo pake. Kuti musiyanitse, yesani kuikapo "ngakhale kuti". Ikakana kulowa, subujonkitifu safunika.

Palinso njira zolambalala mukakayika ndi mneni. *Même si* amatenga endikatifu: *même si le délai est dépassé*. Tanthauzo lake n'loyandikana koma si lofanana ndendende, chifukwa *même si* akhozanso kunena chinthu chongoganizira, "ngakhale zitakhala kuti", pamene *bien que* amavomereza chinthu chimene chilipodi. Pokumbutsa kampani kuti mudalipira kale, *bien que* ndiye wamphamvu, popeza sasiya mpata woti mwina simunalipire. *Malgré* amatsatidwa ndi dzina: *malgré mon retard*, *malgré nos relances*. Koma *malgré que* mupeweni. Amamveka polankhula, komabe bungwe la Académie française limamutsutsa, ndipo owerenga ambiri a m'maofesi amamuona ngati cholakwika. Njira ina yaudongo ndi kuchotseratu mneni pamene mwininkhani ndi mmodzi mbali zonse: *bien que tardive, votre demande sera examinée*.

Imelo imodzi, kuikonza chiganizo ndi chiganizo

Tiyerekeze mtsikana amene wapempha malo pa yunivesite ina ku France. Adatumiza zonse, adalipira, koma tsamba lake la pa intaneti likuonetsabe kuti mafomu ndi osakwanira, ndipo nthawi yopempha viza ikuyandikira. Kulemba kwake koyamba kwatuluka motere:

*Madame, Monsieur,*
*Bien que j'ai envoyé mon dossier le 3 mars et que j'ai réglé les frais, mon espace candidat indique toujours « incomplet ». Il faut que vous vérifiez. Il faut que je reçois l'attestation d'admission avant le 30 avril pour demander mon visa. Bien que je serai en déplacement la semaine prochaine, je peux répondre à vos messages.*

Uthenga ukumveka, ndipo wowerenga aliyense adziwa chimene mtsikanayu akufuna. Koma m'mizere yochepayi muli aneni asanu olakwika, ndipo awiri ali m'chiganizo choyamba.

Chiganizo choyamba chikunena zochitika kale, kutumiza ndi kulipira, choncho pafunika subujonkitifu wa nthawi yapita. Tikayesa ndi *nous* tipeza *bien que nous ayons envoyé*, ndiye pa *je* tilemba *j'aie envoyé*. *Et que* akupitiriza *bien que* yemwe uja, kotero wachiwirinso ndi *j'aie réglé*. Gawo lalikulu, *mon espace candidat indique*, lisakhudzidwe. Lamulo limagwira mneni wa m'gawo la *bien que* yekha, ndipo likafika pa mpumiro latha. Ophunzira ena akangodziwa subujonkitifu amamumwaza chiganizo chonse, n'kulakwitsa mbali imene inali bwino.

Chiganizo chachiwiri chili ndi mavuto awiri. Mwa galamala payenera *vérifiiez*, ndi ma *i* awiri. Koma ngakhale titakonza chilembocho, mtsikana wopempha malo akulamula ofesi imene ikusunga tsogolo lake. Apa kukonza kwenikweni n'kuchotsa *il faut que* yense, n'kuikapo pempho: *je vous serais reconnaissante de bien vouloir vérifier si une pièce manque*. Taonjezera chimene akufuna kuti ayang'ane, chifukwa "fufuzani" wopanda chofufuza sathandiza mlembi amene ali ndi mafayilo ambirimbiri.

M'chiganizo chachitatu *il faut que* akhale, pakuti wokakamizidwa ndi mtsikanayo mwini, ndipo chiganizochi ndicho chikufotokoza chifukwa chimene nkhaniyi ili yachangu. Mneni yekha ndiye akonzedwe. *Ils reçoivent*, tichotse *-ent*, tiike *-e*: *que je reçoive*. Kamchira ka pansi pa *c* musakaiwale. Pa kompyuta ya Windows *ç* amatuluka mukagwira Alt n'kulemba 0231 pa manambala a kudzanja lamanja, ndipo pa foni zambiri mumangokanikiza *c* kwa kanthawi.

Chachinayi chili ndi *serai*, nthawi yam'tsogolo, imene siyenera pambuyo pa *bien que* m'kalata ya mtundu uwu. Tiika *sois*, ndipo *la semaine prochaine* asonyeza yekha kuti ulendowo sunachitike. Nthawi yam'tsogolo tiisamutsira ku gawo lalikulu, kumene ili ndi ufulu: *je resterai joignable*. Imelo yonse ikhala motere:

*Objet : Dossier de candidature signalé incomplet*

*Madame, Monsieur,*
*Bien que j'aie envoyé mon dossier le 3 mars et que j'aie réglé les frais, mon espace candidat indique toujours « incomplet ». Je vous serais reconnaissante de bien vouloir vérifier si une pièce manque. Il faut en effet que je reçoive l'attestation d'admission avant le 30 avril pour déposer ma demande de visa. Bien que je sois en déplacement la semaine prochaine, je resterai joignable par courriel.*
*Je vous prie d'agréer, Madame, Monsieur, l'expression de mes salutations distinguées.*

Mwaona kuti pakati pa *faut* ndi *que* palowa *en effet*. Mawu ngati amenewa, komanso *absolument*, *donc* ndi *également*, amakonda kukhala pamenepo, ndipo sachotsa lamulo. Chimodzimodzi mwininkhani akatalika. Mu *il faut que l'ensemble des pièces demandées par votre service soit traduit*, mneni ali kutali ndi *que*, koma ndi *soit* basi. Ziganizo za mu ofesi zimakonda kutalika chonchi, ndipo m'menemo ndi momwe *est* amalowerera mosadziwika.

Ndinganenenso kuti *bien que* awiri m'ndime imodzi yaifupi ndi malire. Wachitatu akabwera, imelo imayamba kumveka ngati mlandu. Mtsikanayu akanakhoza kusintha chiganizo chomaliza kukhala *je serai en déplacement la semaine prochaine, mais je resterai joignable*, osataya kanthu. Amene ayenera kutsala ndi woyamba uja, chifukwa ndiye akunena mwaulemu kuti iye mbali yake adachita, popanda kuloza chala munthu.

Musanadine Envoyer

Kuwerenga imelo yonse kuchokera pamwamba sikugwira zolakwikazi, chifukwa maso amathamangira tanthauzo n'kudumpha zilembo. Fufuzani mwadala. Dinani Ctrl+F, kapena Cmd+F pa Mac, mulembe *fau*. Zilembo zitatuzi zikupezerani *faut*, *faudra* ndi *faudrait* nthawi imodzi, ngakhale pakati palowe mawu ena. Ngati mwalemba zam'mbuyo, fufuzaninso *fall*. Kenako lembani *bien qu*, osamaliza ndi *e*, kuti *bien qu'il* naye apezeke. Pomaliza *et qu*.

Pa malo alionse amene mwapeza, tsatani chiganizo ndi chala mpaka mufike pa mneni wosinthika woyamba wa mwininkhani amene ali pambuyo pa *que*. Ngati simukutha kuona kuti ali m'kanenedwe kati, muchotseni m'maganizo muikepo *faire*. Ameneyu sabisala: *fait* ndi *fasse*, *faites* ndi *fassiez* amasiyana ngakhale kwa khutu losazolowera. Malowo akafuna *fassiez*, mneni wanu wa *vous* ayenera kuthera ndi *-iez*, kupatula *soyez* ndi *ayez*. Akafuna *fasse*, bwererani kwa *ils*, mutenge tsinde, muike *-e*, kupatula pa aneni osatsata njira aja. Ndipo paliponse pamene mwapeza *il faut que vous*, dzifunseni ngati munthu ameneyo mungamulamule pamaso. Ngati simungatero, fufutani mulembe *pourriez-vous*.